Zida zofufuta zokha mapositi akale: mmene zimagwirira ntchito, ubwino wake ndi ngozi zake

Chida chofufuta chokha ndi pulogalamu, kapena gawo la pulogalamu, imene mwini akaunti amailamula kamodzi kuti zolemba ndi zithunzi zimene waika pa tsamba la mchezo, zomwe ambiri amangoti mapositi, zizichotsedwa zikafika pa msinkhu umene iye wasankha. Akasankha masiku 90, positi iliyonse imakhala poyera masiku 90 basi. Tsiku lotsatira imafufutidwa popanda mwini wake kukhudza foni.

Mfundo yofunika kuigwira pa zida zonse za mtunduwu ndi imodzi: chida chimaona msinkhu wa positi, osati phindu lake kapena kuopsa kwake. Nthabwala yochititsa manyazi ya zaka 10 zapitazo ndi chithunzi chomaliza cha kholo limene linatisiya ndi zofanana pamaso pake, chifukwa zonse ndi zakale. Ubwino wa zidazi ndi ngozi zake zonse zimachokera pa mfundo imeneyi.

Mitundu iwiri yosiyana

Anthu ambiri anayamba kudziwa za kufufuta kotere pa WhatsApp, pamene kampaniyo inabweretsa mauthenga ozimiririka okha mu Novembala 2020. Poyamba nthawi yake inali masiku 7, ndipo mu Disembala 2021 inaonjezapo maola 24 ndi masiku 90. Telegram inabweretsa njira yofanana nayo mu Febuluwale 2021. Pa mapulogalamu ochezerana amenewa, lamulo limagwira mauthenga okhawo amene atumizidwa munthu atalitchera kale. Zimene zinalembedwa dzulo ndi dzana zimakhala mmene zilili.

Zida zofufuta mapositi sizili choncho. Izi zimayang'ana kumbuyo. Munthu amene wakhala akulemba kwa zaka 10, akatchera lero kuti mapositi opitirira masiku 90 azichoka, walamula kuti zolemba za zaka 9 ndi miyezi 9 zichotsedwe kuyambira lero lomwe. Ambiri amene amadandaula ndi zidazi amakhala kuti anazitchera ndi maganizo a pa WhatsApp, poyesa kuti lamulo likhudza za mtsogolo zokha. Choncho tsiku loopsa kwambiri pa chida chotere ndi tsiku loyamba.

Kumene zida zimenezi zimapezeka

Masamba a mchezo sanagwirizane pa nkhaniyi. Mastodon, tsamba lofanana ndi X koma loyendetsedwa ndi maseva ambirimbiri a eni osiyanasiyana, linaika chida chofufuta m'kati mwake momwe kuyambira mu Malichi 2022. Chimapezeka pa `Preferences`, pa mutu wakuti `Automated post deletion`. Mwini akaunti amasankha msinkhu pakati pa sabata imodzi, masabata awiri, mwezi umodzi, miyezi iwiri, itatu kapena 6, chaka chimodzi kapenanso zaka ziwiri. Kenako amasankha mapositi oti asakhudzidwe: okhomedwa pamwamba pa tsamba, mauthenga a kwa munthu mmodzi, okhala ndi zithunzi, ndi amene iye mwini wawaika chizindikiro chosungira. Kufufutako sikuchitika kamodzin'kamodzi. Seva imachita pang'onopang'ono nthawi imene ilibe ntchito yambiri, kotero positi ikhoza kukhalapobe kwakanthawi msinkhu wake utadutsa.

Tsamba la X, lomwe linkatchedwa Twitter mpaka mu Julayi 2023, lilibe chida chotere. Amene akufuna kufufuta mwa ndondomeko amadalira mapulogalamu a makampani ena, monga TweetDelete ndi Redact, omwe amalowa mu akaunti ndi chilolezo cha mwini wake. Pa X palibe nkhokwe ya zotayidwa. Positi ikafufutidwa, mwini wake sangathe kuibweza.

Facebook nayonso siinapereke njira yoti mapositi wamba azichoka okha pa nthawi yoikika. Chimene inabweretsa mu Juni 2020 ndi njira yosankha mapositi ambiri nthawi imodzi kudzera pa `Activity log`, n'kuwabisa mosungira kapena kuwataya. Otayidwa amakhala m'nkhokwe ya zinyalala masiku 30 asanafufutidwe kotheratu, ndipo m'masiku amenewo akhoza kubwezedwa. Komabe pali chinthu chimodzi chimene Facebook imafufuta yokha mwini wake asanapemphe: kuyambira pa 19 Febuluwale 2025, makanema oulutsidwa pompopompo amachotsedwa pakatha masiku 30. Mpingo, gulu loimba kapena banja limene linaulutsa ukwati motero liyenera kukopera kanemayo masikuwo asanathe.

Ubwino weniweni wa zidazi

Ubwino woyamba ndi kuchepetsa zimene mlendo angafukule. Pa X munthu aliyense akhoza kulemba dzina la akaunti ndi liwu limodzi lonyansa m'bokosi lofufuzira, ndipo m'kanthawi kochepa amapeza paliponse pamene mwini akauntiyo analemba liwulo kuyambira tsiku limene anatsegula akaunti. Kufukula kotere kumachitika makamaka tsiku limene munthu wapatsidwa udindo. Katswiri wa nthabwala wa ku South Africa, Trevor Noah, atalengezedwa mu Malichi 2015 kuti adzatsogolera pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya The Daily Show ku America, nthabwala zake zakale za pa Twitter zinafukulidwa n'kuyamba kudzudzulidwa pasanathe masiku awiri. Iye ntchitoyo anaigwirabe. Koma wotsogolera mafilimu James Gunn anachotsedwa ntchito ndi kampani ya Disney mu Julayi 2018 chifukwa cha zimene analemba pafupifupi zaka 10 m'mbuyomo, ndipo anabwezeredwa mu Malichi 2019. Chida chofufuta sichisandutsa mawu oipa kukhala abwino, koma chimachititsa kuti munthu aweruzidwe ndi zimene akunena masiku ano, osati ndi zonse zimene ananenapo ali wachinyamata.

Ubwino wachiwiri sukhudza anthu otchuka okha. Mapositi a zaka zambiri akaikidwa pamodzi amaulula zimene positi imodzi singaulule: tsiku lobadwa, dzina la mayi, sukulu ya ana, dera limene munthu amakhala, nthawi imene amapita kumudzi n'kusiya nyumba yokha. Mbava zimene zimaimbira anthu foni n'kumanamizira kukhala achibale kapena ogwira ntchito kubanki zimakhulupirika mosavuta zikadziwa tinthu totere. Tsamba losunga miyezi itatu yokha limapatsa mbava zochepa zoti zigwiritse ntchito.

Ubwino wachitatu ndi wa ochita malonda. Mtengo wa thumba la simenti kapena wa nsalu umene unalengezedwa zaka ziwiri zapitazo umasokoneza ogula, monganso nambala ya foni imene inasiyidwa kapena malo a sitolo amene anasinthidwa. Zotsatsa zimafunika pa nyengo yake yokha, ndipo ndi mtundu wa mapositi umene chida choona msinkhu chimauweruza bwino.

Pamwamba pa zonsezi, chida sichiiwala. Munthu amene walonjeza kuti aziyeretsa tsamba lake mwezi uliwonse amachita kawiri kapena katatu kenako n'kuleka. Pulogalamu imapitiriza, malinga ngati palibe chimene chaiimitsa.

Chitsanzo: akaunti ya zaka 10 pa X

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuonetsa pamene zinthu zimakhota. Mayi wina wakhala akulemba pa X pafupifupi katatu pa tsiku kwa zaka 10. Mapositi ake onse ndi 10,950. Waitanidwa ku mayeso a ntchito ku bungwe lina lalikulu, ndipo akufuna kuti pa tsamba lake pazikhala za masiku 90 okha, omwe ndi mapositi 270. Walumikiza chida cha kampani ina, wasankha masiku 90, ndipo chidacho chamuuza kuti chamaliza.

Akatsegula tsamba lake n'kutsika nalo, akuona kuti mapositi akuthera pa miyezi itatu yapitayo. Zikuoneka ngati ntchito yatheka. Koma khomo limene X imalola mapulogalamu a makampani ena kuwerengera mapositi a munthu limaonetsa mapositi 3,200 aposachedwa okha. Kwa mayiyu, mapositi 3,200 ndi a masiku pafupifupi 1,067, kutanthauza zaka zosakwana zitatu. Mwa amenewa chida chasiya 270 ndipo chafufuta 2,930. Mapositi 7,750 a zaka 7 zoyambirira sichinawaone n'komwe, ndipo kawirikawiri satulukira pa mzere ngakhale apamwamba pake atachotsedwa.

Zotsatira zake ndi zotembenuka. Zafufutidwa ndi zolemba za zaka zitatu zaposachedwa, pamene mayiyu anali wokhwima maganizo ndipo ankalemba za ntchito yake. Zatsala ndi za nthawi imene anali ku koleji, zomwe ndi zimene ankaziopa. Wofufuza aliyense akhoza kuzipezabe.

Pali njira ziwiri zodziwira kuti izi zachitika. Yoyamba ndi kuyang'ana chiwerengero cha mapositi chimene chimaoneka pamwamba pa tsamba. Ngati chikadali cha m'ma 8,000 pamene chimayenera kukhala cha m'ma 270, ntchito siinathe. Yachiwiri ndi kufufuza ndi deti m'bokosi lofufuzira la X, poika dzina la akaunti m'malo mwa liwu lakuti `dzina`:

```
from:dzina until:2019-01-01
```

Lamuloli limapempha mapositi onse a akauntiyo olembedwa chisanafike chaka cha 2019. Chilichonse chimene chatuluka ndi chimene chida chinaphonya.

Kuti chida chifikire mapositi akalewo, chimafuna mndandanda wa manambala awo, ndipo mndandandawo umapezeka m'fayilo ya mbiri ya akaunti imene X imapereka kwa mwini wake. Imapemphedwa pa `Your account`, pa mawu akuti `Download an archive of your data`, ndipo imatha kutenga maola 24 kapena kupitirira kuti ikonzeke. M'kati mwake, m'chikwatu cha `data`, muli fayilo ya `tweets.js`, yomwe ili ndi mapositi onse. Fayilo imeneyi ndi imene chida chimafuna. Mtolo wonsewo suyenera kuperekedwa mwachisawawa, chifukwa mulinso mauthenga achinsinsi, imelo ndi nambala ya foni ya mwini akaunti. Makampani ambiri amalipiritsa kuti agwire ntchito ndi fayilo imeneyi.

Mayiyu akanapempha fayiloyi asanayambe kufufuta, akanapindula kawiri: akanakhala ndi mndandanda wathunthu wa zoti zichoke, komanso akanasunga zolemba 2,930 zija. Popeza waipempha atafufuta kale, asayembekezere kuti zolembazo azipezanso zonse mmenemo.

Chofufutidwa chimatsala kwa ena

Ngozi yoyamba ndi kudzinyenga kuti chofufutidwa chatheratu. Chida chimachotsa positi pa tsamba la mwini wake basi. Sichingalowe m'foni ya munthu amene anajambula sikirini. Nkhani ya mtolankhani wa ku America, Alexi McCammond, imaonetsa izi bwino. Mu 2011, ali ndi zaka 17, analemba pa Twitter mawu onyoza anthu ochokera ku Asia. Mu 2019 anapepesa n'kufufuta mapositiwo. Mu Malichi 2021 atasankhidwa kukhala mkonzi wamkulu wa magazini ya Teen Vogue, zithunzi za mapositi omwewo zinafalitsidwanso, ndipo anatula pansi udindowo asanayambe n'komwe ntchito.

Palinso nkhokwe zimene ntchito yake ndi kusunga. Laibulale ya nyumba ya malamulo ya ku America inagwirizana ndi Twitter mu 2010 kuti izisunga mapositi onse apoyera kuyambira mu 2006, ndipo inachita zimenezi mpaka kumapeto kwa 2017. Wayback Machine, nkhokwe ya bungwe la Internet Archive, imasunga masamba a pa intaneti mmene ankaonekera pa tsiku limene anakoperedwa. Pa Mastodon, seva ya mwini positi imatumiza uthenga kwa maseva ena kuti nawonso afufute, koma seva imene inali yozima nthawiyo, kapena imene siimvera uthengawo, ikhoza kutsala nayo positiyo.

Kuipa kwa zimenezi n'kwakuti mwini mawu ndi amene amatsala chimanjamanja. Mdani ali ndi chithunzi cha chiganizo chimodzi, pamene mwini wake alibenso ziganizo zam'mbuyo ndi zam'tsogolo zimene zikanasonyeza kuti ankaseka, ankafunsa kapena ankatsutsa mawu a wina. Ngati chithunzicho ndi chopeka, alibenso positi yeniyeni yoti aonetse anthu. Mayankho a anthu ena nawonso sachoka. Amatsala akulendewera pansi pa malo opanda kanthu, ndipo wowerenga amangoganiza yekha chimene chinanenedwa, nthawi zambiri choipa kuposa chenichenicho.

Chilolezo choperekedwa kwa kampani ina

Ngozi yachiwiri ikukhudza zida za makampani ena. Kuti pulogalamu ithe kufufuta, imapatsidwa chilolezo chowerenga ndi kulemba mu akaunti. Chilolezo chimenechi n'chomwenso chimalola kuika positi yatsopano m'dzina la mwini akaunti. Ndipo chida choti chizifufuta tsiku ndi tsiku chimayenera kusunga chilolezocho nthawi zonse, osati kwa ola limodzi. Kampaniyo ikathyoledwa ndi akuba a pa intaneti, maakaunti onse amene inalumikizidwa nawo amakhala pa ngozi.

Zoterezi zinachitikapo. Mu Malichi 2017, akuba anathyola Twitter Counter, pulogalamu yowerengera otsatira akaunti, n'kugwiritsa ntchito chilolezo chake kuika mauthenga a ndale a m'chilankhulo cha ku Turkey pa maakaunti ambirimbiri, kuphatikizapo a bungwe la Amnesty International ndi magazini ya Forbes. Pulogalamuyo siinali yofufutira, koma khomo limene akubawo analowera ndi lofanana ndi limene chida chofufuta chimapatsidwa. Pa X, mndandanda wa mapulogalamu okhala ndi chilolezo uli pa `Security and account access`, kenako `Apps and sessions`, kenako `Connected apps`. Pulogalamu imene yasiya kugwiritsidwa ntchito iyenera kulandidwa chilolezo pamenepo. Chida chimene chikupempha kuti munthu alembe pasiwedi yake pa tsamba la kampaniyo, osati pa tsamba lenileni la X, n'chofunika kuchikana.

Chida chikasiya mwakachetechete

Ngozi yachitatu ndi yosamveka phokoso. Mu Febuluwale 2023, miyezi yochepa Elon Musk atagula Twitter, kampaniyo inalengeza kuti mapulogalamu a anthu ena azilipira kuti agwiritse ntchito khomo lija. Zida zambiri zaulere zinaima. China mwa izo chinali Semiphemeral, chopangidwa ndi katswiri wa chitetezo cha makompyuta Micah Lee, chomwe anthu ankachidalira kuti chizifufuta mapositi awo akale. Chida chimathanso kuima ndalama ya pamwezi ikapanda kulipidwa kapena chilolezo chikachotsedwa.

Vuto lake n'lakuti chida chikaima, tsamba silisintha maonekedwe. Munthu amene wazolowera kuti mawu ake amakhala masiku 90 okha amalemba momasuka, osadziwa kuti akhala akuunjikana kwa chaka chathunthu. Njira yodziwira ndi yomwe ija ya kufufuza ndi deti, poika deti lopitirira pang'ono msinkhu umene unasankhidwa. Kuchita zimenezi kamodzi pa mwezi kumatenga mphindi imodzi. Pakatuluka mapositi amene sali m'gulu la osungidwa dala, chida chaima.

Pamene kufufuta kumasanduka mlandu

Ngozi yachinayi ndi yolemera kuposa zonse. Positi kapena uthenga ukhoza kukhala umboni: wa malonjezo a malonda, wa ngongole, wa tsiku limene chinthu chinanenedwa, wa kuopsezedwa. Ku Malawi, lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti ndi chitetezo chake limavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni m'bwalo la milandu. Chida chofufuta sichidziwa kuti pabuka mkangano. Chimapitiriza ntchito yake ngakhale tsiku limene kalata ya loya yafika.

Kampani ya Google inakumana ndi zimenezi ku America. Macheza a ogwira ntchito ake pa makina a kampaniyo ankafufutika okha pakatha maola 24, pokhapokha wogwira ntchito atatchera yekha kuti asungidwe. Kampaniyo itasumiridwa pa nkhani ya sitolo yake ya mapulogalamu a m'foni, siinaimitse kufufutako. Mu Malichi 2023, woweruza James Donato wa ku San Francisco anagamula kuti Google inalephera udindo wake wosunga umboni. Mlandu wa kampani ya Epic Games utafika pozengedwa, anthu osankhidwa kupereka chigamulo anauzidwa kuti ali ndi ufulu woganiza kuti macheza otayikawo akanaipira Google. Mu Disembala 2023 anagamula mokomera Epic Games.

Phunziro lake likukhudza aliyense. Kunena kuti anafufuta ndi makina si chodzitetezera ngati munthu ankadziwa kuti mlandu ukubwera koma osawaimitsa. Pakangooneka zizindikiro za mkangano wa ntchito, wa malonda kapena wa banja umene ungafike kukhoti, chida chiyenera kuzimitsidwa tsiku lomwelo. Maakaunti a maofesi a boma ndi a akuluakulu olankhula m'malo mwa boma ali ndi udindo wina pamwamba pa umenewu, chifukwa zimene alengeza ndi mbiri ya anthu onse, osati katundu wa amene akugwira foni.

Ndondomeko yotchera chida mosamala

Chiyambi ndi kukopera mbiri yonse ya akaunti chida chisanalumikizidwe. X, Facebook, Instagram ndi Mastodon onse amapereka fayilo yotere. Kuikopera kokha sikukwanira. Iyenera kutsegulidwa kuti mwini wake aone ndi maso kuti zolemba za chaka choyamba zilimo ndiponso kuti zithunzi zikutseguka. Kenako isungidwe malo awiri, mwachitsanzo pa kompyuta ndi pa fulashi. Fayilo ya akaunti yokhala ndi makanema ambiri imakhala yaikulu, choncho ndi bwino kuikopera pamene pali intaneti yodalirika.

Chachiwiri ndi kusankha zoti zisakhudzidwe, lamulo lisanayatsidwe. Pa Mastodon, njira yodalirika ndi kuika chizindikiro chosungira pa positi iliyonse yofunika n'kuonetsetsa kuti bokosi la `Keep posts you bookmarked` lachongedwa. Bokosi la `Keep posts with media attachments` limakhala losachongedwa poyamba, kutanthauza kuti zithunzi zimapita limodzi ndi zina zonse ngati mwini wake salichonga. Palinso mwayi wosunga mapositi amene anakondedwa kapena kufalitsidwa ndi anthu ochuluka kufika pa nambala imene munthu wasankha. Mwayi umenewu ndi wofunika kuuganizira kawiri. Positi imene inafalikira kwambiri nthawi zina ndi imene inautsa mkangano, ndipo chilengezo cha maliro a m'bale chimene anthu 6 okha anachiona chikhoza kukhala chamtengo wapatali kuposa zonse.

Chachitatu ndi kuyamba ndi msinkhu wautali. Kutchera zaka ziwiri poyamba, n'kudikira sabata imodzi kuti zioneke zimene zapita, kumapereka mpata wozindikira cholakwika mapositi aposachedwa asanakhudzidwe. Msinkhu ukhoza kufupikitsidwa pambuyo pake kufika pa chaka chimodzi kapena miyezi 6. Kuutalikitsa sikubweza chimene chafufutidwa kale. Zida zina zimaonetsa mndandanda wa zoti zichoke zisanayambe, ndipo mndandanda umenewo ndi woyenera kuwerengedwa, osati kungodumphidwa.

Chachinayi ndi kukumbukira kuti fayilo yosungira imakalamba. Amene watchera masiku 90 ayenera kukopera mbiri yake kamodzi masiku 90 aliwonse asanathe, apo ayi padzakhala mipata ya zolemba zimene zinabadwa n'kufa pakati pa kukopera kuwiri.

Njira zina zosafuna kufufuta

Si vuto lililonse limene mankhwala ake ndi kufufuta. Ngati nkhawa ndi ya alendo ofukula zakale, Facebook ili ndi lamulo la `Limit past posts`, lomwe limasintha mapositi onse akale apoyera kuti azionedwa ndi abwenzi okha. Instagram imalola kubisa positi mosungira mmene mwini wake yekha ndi amene amaiona, ndipo ikhoza kubwezedwa poyera tsiku lina. Pa X akaunti ikhoza kutsekedwa kuti mapositi azionedwa ndi otsatira ovomerezedwa okha. Njira zimenezi zimachotsa zolemba pamaso pa anthu popanda kuziwononga, ngakhale kuti kampani ya tsambalo imakhala nazobe, ndiponso aliyense wolowa mu akauntiyo mwakuba akhoza kuziona.

Amene chimawayenera ndi amene sichiwayenera

Chida chofufuta chokha chimayenera akaunti imene zolemba zake zimatha ntchito ndi nthawi: ndemanga za mpira wa sabata imeneyo, macheza a tsiku ndi tsiku, mitengo ndi zotsatsa. Pa akaunti yotere msinkhu wa positi ndi phindu lake zimayendera limodzi, choncho chida choona msinkhu sichilakwitsa kwambiri.

Sichiyenera akaunti imene imagwira ntchito ya nkhokwe: ya mtolankhani amene nkhani zake zimatchulidwa ndi ena, ya wojambula amene tsamba lake ndi chionetsero cha ntchito zake, ya bungwe limene liyenera kuyankha pa zimene linalonjeza, kapena ya banja limene zithunzi zake sizinasungidwe kwina kulikonse. Amene akaunti yake imasakaniza zonsezi ayenera kuyamba wapatula zofunika n'kuzisunga pa kompyuta kapena pa fulashi yake. Zikasungidwa motero, zotsalazo ndi zimene angazisiye m'manja mwa chida, n'kumafufuza ndi deti mwezi uliwonse kuti atsimikize kuti chikugwirabe ntchito.